Bolodi la wekishopu lili pa foni: njira iti yolitayipira imasunga zimene anthu ananenadi?

Wekishopu ikatha, anthu amathamangira kukasayina mayina ndi kulandira za thiransipoti, ndipo amene amatsala akuyang'anizana ndi bolodi ndi mlembi. Amajambula kamodzi kapena kawiri ndi foni, wosamalira holo n'kubwera ndi kansanza kake, ntchito ya tsiku lonse n'kufufutika. Pofika Lolemba chatsala ndi chithunzi chokhacho, ndipo akuluakulu akufuna pepala lotayipa bwino, la mitu ndi mfundo zoikidwa m'magulu.

Ine zinandigwera nditakhala mlembi pa zokambirana za komiti ya sikimu ina ya mthirira m'chigwa cha Shire. Nkhani inali yoti madzi safika ku minda ya kumapeto ndiponso anthu asiya kupereka ndalama ya madzi. Bolodi linali loyera, la masentimita 180 m'litali ndi 120 kukwera m'mwamba. Wotsogolera zokambirana ankalemba mavuto ndi maka wakuda, zoyambitsa ndi wabuluu, zoti zichitike ndi wofiira, ndipo wakuda atayamba kuuma anatola wobiriwira osauza munthu. Panali mivi, mizere yozunguliza, mawu okhwatchidwa ndi timizere ta mavoti. Bolodi limenelo ndinalitayipa m'njira zinayi, osati chifukwa cha khama ayi, koma chifukwa njira imene ndinayamba nayo inandichititsa manyazi.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti zilembo si vuto lalikulu. Pa bolodi, theka la tanthauzo silikhala m'mawu. Limakhala m'malo amene mawuwo alembedwa, mtundu wa maka, kumene muvi waloza, ndi zimene zakhwatchidwa. Choncho njira iliyonse muiyese ndi funso limodzi: zinthu zimene si zilembozi ikuzitani?

Chithunzicho chisanakupusitseni

Musanasankhe njira, onani kaye ngati chithunzi muli nachocho ndi chenicheni kapena chadutsa pa WhatsApp. Chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse pa WhatsApp chimachepetsedwa, mbali yake yaitali n'kutsala ndi timadontho pafupifupi 1600, pamene kamera ya foni ya mamegapikiseli 12 imajambula timadontho 4000 pa mbali yomweyo. Tiwerengere pa bolodi lathu lija. Ngati ladzaza chithunzi chonse, timadontho 1600 pa masentimita 180 ndiye kuti timadontho 9 pa sentimita iliyonse. Mawu aang'ono amene wotsogolera anapanikiza m'mphepete malo atatha anali otalika sentimita imodzi basi. Malangizo a Google Drive, imene imatha kuwerenga zilembo pa chithunzi, amati chilembo chizikhala chotalika timadontho 10 kapena kuposa kuti chiwerengeke, ndiye mawu am'mphepete aja agwa kale. Pa chithunzi choyambirira sentimita yomweyo ili ndi timadontho 22, ndipo ngakhale diso lanu liwerenga mosavuta mukachikulitsa. Ngati anajambula ndi mnzanu, mupempheni atumizenso posankha Document, osati Gallery.

Ngati bolodi likadalipo, zimitsani fulashi, chifukwa bolodi loyera limanyezimira ndipo pakati pamatuluka chibanga choyera chomeza mawu. Imani moyang'anana ndi pakati pa bolodi, osati chammbali. Jambulani lonse kamodzi kuti muzidziwa chili pati, kenaka jambulani zigawo zinayi moyandikira, chilichonse chilowereko pang'ono m'chinzake kuti mawu a m'malire asaduke. Kuwala kwa pa windo kukamenya pakona imodzi, sunthani phazi limodzi mujambulenso; chibangacho chimasuntha, ndipo zimene zabisika pa chithunzi china zioneka pa chinacho.

Chenjeraninso ndi mapulogalamu osandutsa chithunzi kuti chioneke ngati chosikana. Amawongola bolodi bwino ndithu, koma mukasankha zakuda ndi zoyera mitundu ya maka imatha, ndipo wobiriwira wofooka uja nthawi zina amafufutika ngati dothi. Sungani chithunzi cha mitundu nthawi zonse.

Pali kantchito kamodzi kamene ndimachita tsopano ndisanayambe njira ina iliyonse. Ndimapulinta chithunzi cha bolodi lonse, kapena kuchitsegula pa foni pamene pali cholembera, n'kulemba nambala pambali pa mfundo iliyonse, kuyambira kumanzere kumwamba. Bolodi lathu linatulutsa mfundo 52. Nambala imeneyi ndiyo mboni yanu: pomaliza, mfundo zonse 52 ziyenera kupezeka penapake, ngakhale zokhwatchidwa.

Kuwerengetsa foni

Ndiyambe ndi imene inandigwetsa, chifukwa ndi imenenso aliyense amathamangira. Google Lens imawerenga zilembo pa chithunzi, ngakhale zolemba pamanja, ndipo mumangosankha mawuwo n'kukopera. Google Keep ili ndi Grab image text. Pa kompyuta mungaike chithunzi mu Google Drive, n'kudina kumanja, Open with, Google Docs, ndipo mawu amatuluka pansi pa chithunzicho. Pa iPhone pali Live Text kuyambira mu 2021. Zonsezi zimagwira ntchito imodzi: kusandutsa maonekedwe a zilembo kukhala zilembo zotayipa.

Ine ndinapereka chithunzi cha bolodi lonse kamodzi, ndipo m'kanthawi kochepa ndinali ndi tsamba lodzaza. Ndinakonza apa ndi apo, kuika mitu, n'kutumiza kwa wapampando madzulo omwewo. M'mawa foni inalira. Pa tsamba langa panali mzere wakuti "Zopereka sizikuoneka msungichuma". Bambo wosunga chuma anali atauwerenga kale, ndipo anafuna kudziwa kuti ndani pa msonkhano uja ananena kuti iwo adya ndalama.

Palibe ananena. Pa bolodi, "Zopereka sizikuoneka" inali kumanzere, yakuda, m'gulu la mavuto. "Msungichuma" inali kumanja, yofiira, pansi pa mfundo yakuti "Abweretse buku la malisiti Lachisanu". Zinangokhala pa mzere umodzi wopingasa, ndipo pulogalamu inawerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja ngati ikuwerenga buku, n'kulumikiza zinthu zimene zinatalikirana theka la mita. Ndinapepesa, koma mawu akatuluka sabwerera.

Umenewo ndiwo msampha waukulu wa njirayi, ndipo si ngozi ya tsiku limodzi. Google yomwe imanena poyera kuti potembenuza chithunzi mu Drive, mindandanda, matebulo ndi madanga otsika pansi kawirikawiri sizizindikirika. Mankhwala ake ndi kudula chithunzi: danga lililonse, kapena kagulu kalikonse kozungulizidwa, kakhale chithunzi pachokha, n'kuwerengetsa chimodzichimodzi. Kudulaku kumathandizanso pa Drive, imene imafuna fayilo ya 2 MB kapena kucheperapo, pamene chithunzi chosachepetsedwa cha foni kawirikawiri chimaposa pamenepo.

Ngakhale mutadula bwino, pali zolakwika zimene muyenera kuzisaka dala. Nambala ndizo zoopsa kwambiri: K5,000 inatuluka KS,OOO, ndipo imeneyi ndi yabwino chifukwa imaoneka msanga. Yoipa ndi 1 wosanduka 7, amene amaoneka ngati nambala yabwinobwino. Kachizindikiro ka mu "ng'ombe" ndi "m'ngalande" kamasowa kapena kusanduka chinthu china. Pa zolemba zothamanga, u ndi n zimasinthana, ndipo "m" amatha kugawika kukhala "rn". Ndipo popeza mabolodi athu amasakaniza Chichewa ndi Chingerezi, mawu a Chichewa osaoneka bwino nthawi zina amakokeredwa ku liwu la Chingerezi loyandikira.

Koposa zonse, pulogalamu sidziwa kukhwatcha. Komiti inayamba yalemba K5,000 pa munda uliwonse, anakangana, n'kukhwatcha, n'kulemba K3,500 pamwamba pake. Pa tsamba langa zonse ziwiri zinatuluka zamoyo, moyandikana. Mivi inasowa, mavoti anasanduka timizere topanda tanthauzo, mitundu ya maka inafanana yonse.

Sindikuti njirayi ndi yachabe. Ngati wolembayo ali ndi dzanja labwino, walemba zilembo zikuluzikulu, ndipo bolodi ndi mindandanda iwiri kapena itatu yoongoka, imakupulumutsani ku kutayipa. Koma chimene imakupatsani ndi mulu wa mawu, osati mitu. Kusanja kukadali kwanu, ndipo kuyerekeza mzere uliwonse ndi chithunzi kumadya nthawi yofanana ndi imene mukadatayipira nokha mfundo 52 zazifupi. Kupatula Live Text, imene imawerengera pa foni pomwepo, imafunanso bandulo, ndipo chithunzicho chimapita pa makina a eni pulogalamu. Ngati pa bolodi pali mayina a anthu amene ali ndi ngongole, ganizani kawiri.

Kutayipa nokha, molunjika m'mitu

Iyi ndi njira yakale: chithunzi mbali imodzi ya sikirini, Word kapena Google Docs mbali inayo, inu n'kumatayipa. Ubwino wake ndi wakuti diso lanu limaona zonse zimene foni siona. Mukafika pa K5,000 yokhwatchidwa mudziwa kuti inafa. Mukaona muvi muutsatira. Ndipo ngati munali m'chipindamo, mawu atatu a pa bolodi amakukumbutsani mkangano wonse wa mphindi khumi.

Mukasankha njirayi, musapange mitu pongokulitsa zilembo ndi kuzidetsa. Gwiritsani ntchito mitu yeniyeni ya pulogalamuyo. Mu Word ndi mu Google Docs momwe, pa kompyuta ya Windows, `Ctrl+Alt+1` imasandutsa mzere kukhala Heading 1, `Ctrl+Alt+2` kukhala Heading 2. Phindu lake mumaliona posuntha zinthu. Mu Word, mukatsegula View n'kuchonga Navigation Pane, mitu yonse imandandalikidwa kumanzere, ndipo mukakoka mutu umodzi kupita nawo pamwamba, umanyamuka ndi mfundo zake zonse. Mzere umodzi mumaukweza kapena kuutsitsa ndi `Alt+Shift` pamodzi ndi muvi wa m'mwamba kapena wa pansi, osavutika ndi kudula ndi kumata. Pa mndandanda, `Tab` imalowetsa mfundo pansi pa inzake, `Shift+Tab` imaitulutsa. Ndipo musanayambe, pitani pa Review, Language, Set Proofing Language, muchonge Do not check spelling or grammar, apo ayi tsamba lonse la Chichewa lidzadzaza mizere yofiira mpaka simudzaonanso cholakwika chenicheni.

Vuto la njirayi ndi lobisika, ndipo linandipeza ulendo wachiwiri. Mukamatayipa ndi kusanja nthawi imodzi, mumasankha mitu musanawerenge bolodi lonse. Ine ndinaona mfundo zisanu zoyamba zikukamba za pampu, ndinaika mutu wakuti "Pampu", kenaka "Ndalama", ndipo mfundo iliyonse yobwera pambuyo ndinkaikankhira mu umodzi mwa mabokosi amene ndinali nditapanga kale. "Buloko 3 amatsegula geti usiku" ndinaiika pansi pa "Pampu" chifukwa ikukhudza madzi. Koma si nkhani ya pampu. Ndi nkhani yoti palibe amene amalondera magawidwe a madzi, ndipo inali ndi anzake asanu ndi awiri amene ndinawamwaza m'mitu ina. Mutu wonse wa utsogoleri, umene unali phata la tsikulo, sunaoneke n'komwe pa pepala langa.

Palinso chiyeso chokongoletsa. Mlimi anati "Tcheya sabwera kumunda", inu zala zikutayipa "Pakufunika kulimbikitsa kuyendera minda". Chiganizo chachiwirichi ndi chaulemu, koma si chimene chinanenedwa, ndipo komiti ikawerenga sidzadziona. Nditawerenga mfundo zanga pomaliza ndinapeza 46. Zisanu ndi imodzi ndinali nditazimeza m'ziganizo zina osazindikira.

Pa bolodi la mfundo zosapitirira 20 kapena 25, limene wotsogolera analigawa kale m'madanga okhala ndi mitu, njirayi ndiyo yachangu kuposa zonse ndipo musavutike ndi zina. Mukakhala awiri imakoma kwambiri: wina awerenge mokweza pa chithunzi, wina azitayipa, ndipo wowerengayo azinena ndi mtundu wa maka womwe.

Kuyamba ndi tebulo

Bolodi likakhala la chipwirikiti ngati lathu, njira imene ndimaidalira ndi kupatula ntchito ziwiri zija: kukopera kaye mokhulupirika, kusanja pambuyo. Chida chake ndi Excel kapena Google Sheets. Mfundo iliyonse imatenga mzere wake, ndipo madanga ndi asanu: nambala, mawu monga alembedwera, mtundu wa maka, zizindikiro, ndi gulu. Danga la gulu limakhala lopanda kanthu mpaka mfundo yomaliza italowa.

```
Na | Mawu                          | Maka    | Zizindikiro        | Gulu
7  | Zopereka sizikuoneka          | wakuda  | mavoti 9           |
18 | Buloko 3 amatsegula geti usiku| wabuluu | muvi kupita ku 4   |
29 | K5,000 pa munda               | wofiira | yokhwatchidwa      |
30 | K3,500 pa munda               | wofiira | yozungulizidwa     |
41 | Mapanelo a[?] fumbi           | wobiriwira | wakuda atauma      |
```

Danga la zizindikiro ndilo mtima wa njirayi, chifukwa ndi mmene mumasungira zonse zimene si zilembo. Mawu osawerengeka musawalote, ikani [?] ndipo mufunse amene analemba tsiku lomwelo kapena mawa lake, mutu wake usanazizire. Pa nambala 41 wotsogolera anandiyankha pa foni kuti ndi "akuta fumbi", kutanthauza kuti fumbi laphimba mapanelo a sola, pamene ine ndinkaganiza kuti ndi "akuba". Mawu awiriwa akadatumiza komiti ku ntchito ziwiri zosiyana kotheratu: kugula chidebe ndi nsalu, kapena kulemba mlonda.

Mukamaliza kukopera, werengani mndandanda wonse kawiri osalemba kanthu. Kenaka yambani kudzaza danga la gulu ndi liwu limodzi lalifupi, ndipo musaope kusintha. Kusintha gulu la mfundo pano ndi kutayipa liwu limodzi, osati kusuntha ndime. Mukakhutira, pitani pa Data, Sort, musanje potengera danga la gulu, ndipo mfundo za gulu limodzi zimasonkhana zokha. Kuti muone kukula kwa gulu lililonse:

```
=COUNTIF(E2:E53,"Ndalama")
```

Zanga zinatuluka motere: madzi ndi pampu 14, ndalama 11, ngalande ndi minda 9, utsogoleri 8, zoti zichitike 7, zokhwatchidwa 3. Kuphatikiza ndi 52. Apa ndi pamene ndinapuma, chifukwa ndinadziwa kuti palibe chatayika.

Manambalawa amakuuzaninso pamene pakudwala. Gulu la mfundo 14 ndi lalikulu kwambiri kuti munthu aligwire m'mutu, ndiye ndinaligawa pawiri: zokhudza pampu yeniyeniyo, ndi zokhudza kagawidwe ka madzi. Gulu la mfundo imodzi kawirikawiri si gulu, ndi mfundo yosokera. Ndipo mukapeza kuti "Zina ndi zina" yatupa kuposa magulu enieni, dziwani kuti muli mutu wina umene simunautchule dzina.

Kuipa kwa njirayi ndi kwakuti imachedwa poyamba, ndipo pa foni ndi chintchito, imafuna laputopu. Mukamaliza mumayenera kusamutsira mawuwo ku Word: koperani danga la mawu, mumate posankha Keep Text Only kuti mizere ya tebulo isabwere nawo, kenaka ikani mitu monga tafotokozera. Ingathenso kugwirizana ndi foni ija: mawu amene Google Lens yawerenga pa zidutswa mungawamate m'danga lachiwiri, bola mzere uliwonse muuyerekeze ndi chithunzi musanapitirire.

Timapepala pa mphasa

Njira yachinayi ilibe magetsi. Mumalemba mfundo iliyonse pa kapepala kake, ndi nambala yake pakona, kapena kupulinta tebulo lija n'kulidula ndi sizasi. Kenaka mumayala timapepalato pa tebulo kapena pa mphasa n'kuyamba kusendeza tofanana pamodzi, osatchula dzina la gulu lililonse mpaka magulu ataoneka okha. Njirayi inatchuka ndi Jiro Kawakita, katswiri wa ku Japan wofufuza za chikhalidwe cha anthu, m'zaka za m'ma 1960, ndipo imadziwika ndi zilembo za dzina lake, KJ. Mfundo yake yaikulu ndi yomwe inandisowa pa njira yachiwiri ija: magulu ayambe, mayina abwere pambuyo.

Mukakhala nokha, tebulo la pa kompyuta limachita zomwezi mwachangu. Timapepala timaposa pamene kusanjako kuli ndi ndale. Kuika "Tcheya sabwera kumunda" pansi pa mutu wa utsogoleri kapena kuibisa pansi pa "ngalande ndi minda" si nkhani ya kalembedwe. Wina apsa nayo mtima. Ndinatenga timapepala 52 kupita nato kwa anthu atatu a m'komiti, mayi mmodzi wa ku buloko ya kumapeto ali pomwepo. Mayiwo anatola kapepala ka nambala 7, ka zopereka, n'kukachotsa pa mulu wa ndalama. "Alembi, apa mwalakwitsa," anatero. "Anthu sakukana ndalama. Akukana kulipira madzi amene sakuwaona. Kaikeni uko kwa madzi." Ine ndinali nditasanja potengera liwu lakuti zopereka; iwo anasanja potengera chimene chimawawa. Mukamaliza, jambulani mphasayo mphepo isanalowe, n'kutayipa magulu monga ayalidwira.

Mivi, ndi mayina a mitu

Njira iliyonse imene mwatenga, mudzafika pa mfundo imene ikufuna kukhala malo awiri. Bolodi lili ngati ukonde, chilichonse chingalumikizane ndi chilichonse, pamene mitu yotayipa ili ngati mtengo: tsamba lililonse lili pa nthambi imodzi. Nambala 7 ija ndi ya madzi komanso ndi ya ndalama. Musailembe kawiri, chifukwa wowerenga adzayesa mavuto awiri ndipo chiwerengero chanu chidzasokonekera. Iikeni pamene eni ake akuti ndi kwawo, ndipo kwinako mulembe "onaninso 7".

Mivi nayo simatanthauza chinthu chimodzi. Pa bolodi lathu inalipo ya mitundu itatu, yooneka mofanana ndendende. Wina unkanena kuti ichi chimayambitsa icho. Wina unkanena kuti ntchito iyi ndi ya uyu. Wachitatu unkangonena kuti malo anatha, mfundoyi ikupitirira uko. Muvi woyambitsa umasanduka mfundo yolowa mkati pansi pa vuto lake. Muvi wa ntchito umasanduka dzina la udindo ndi tsiku pambali pa chochitacho. Wachitatu umangolumikiza zidutswa ziwiri kukhala chiganizo chimodzi n'kuzimiririka. Mukasokoneza woyamba ndi wachiwiri, mwabwerera ku nkhani ya msungichuma ija.

Pa mayina a mitu, pewani mawu amene angakwane pa lipoti lililonse, monga "Mavuto" kapena "Ndemanga". Mutu unene chimene gululo likunena, moti munthu wowerenga mitu yokha amve nkhani yonse. Mbali ina ya pepala langa lomaliza inali motere:

```
1. Madzi safika ku minda ya kumapeto
   1.1 Pampu imafooka
       - Mapanelo akuta fumbi (41)
   1.2 Madzi sagawidwa mwa dongosolo
       - Buloko 3 amatsegula geti usiku (18)
       - Zopereka sizikuoneka (7), mavoti 9
2. Ndalama ya madzi
       - Anagwirizana K3,500 pa munda (30)
       - Onaninso 7
```

Mwaona kuti nambala 18 inathera kwa madzi, ndi "onaninso" pansi pa utsogoleri. Anasankha choncho ndi a komiti aja, ine ndikadaiika kwina. Manambala a m'mabulaketi ndimawasiya pa pepala loyamba lopita kwa amene analipo, pamodzi ndi chithunzi cholembedwa manambala chija, kuti wotsutsa aloze yekha pa bolodi. Akavomereza ndimawachotsa. Mitu ndi mawu anga, mfundo ndi mawu awo, ndipo ngati ndawonjezera liwu kuti chiganizo chimveke ndimaliika m'mabulaketi a makona. Mfundo zitatu zokhwatchidwa zimapita kumapeto pansi pa mutu wakuti "Zimene zinakambidwa koma sizinavomerezedwe", chifukwa pakatha miyezi itatu wina adzaimirira n'kunena kuti anagwirizana K5,000.

Lero ndikalandira chithunzi cha bolodi ndimayamba ndawerenga mfundo ndi mivi. Mfundo zikakhala zochepa ndipo madanga ali ndi mitu kale, ndimatayipa molunjika mu Word. Dzanja likakhala loyera ndipo mindandanda ndi yaitali, ndimadula chithunzi n'kuwerengetsa foni, manambala onse n'kuwayang'ana ndi diso. Mivi ikaposa isanu kapena maka akaposa mitundu iwiri, ndimatsegula tebulo osaganizanso. Ndipo ngati pa bolodi pali mfundo yokhudza udindo wa munthu amene adzawerenge pepalalo, ndimadula timapepala n'kupita nato kwa eni ake ndisanatumize kalikonse.